Chifukwa Chake Mbalame Zimasokosa M'bandakucha

[NYIMBO YOTSEGULIRA. ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO, PAMVEKE KULIRA KWA MBALAME ZA M'MAMAWA]

MUULUTSI: Phokoso mukulimvalo si lachilendo. Aliyense wolawirira kumunda kapena kudikirira basi yoyamba amalidziwa. Kunja kukadali mdima, dzuwa silinatuluke, koma mitengo yonse yadzuka kale. Dzuwa likangokwera pang'ono, phokoso lija zii. Lero tili ndi aphunzitsi a sayansi ya zamoyo, amene mbalame amazitsatira kwambiri. Aphunzitsi, takulandirani.

MPHUNZITSI: Zikomo mayi, ndathokoza. Moni kwa omvera onse.

MUULUTSI: Ndiyambe ndi kukayika. Kodi mbalamezi zimakwezadi mawu m'bandakucha, kapena ndi makutu athu chabe poti kunja kumakhala bata?

MPHUNZITSI: Zonse ziwiri zilipo, koma chachikulu si chakuti mbalame iliyonse imakuwa kuposa masana. Pumbwa wa m'mawa ndi pumbwa wa masana, kholingo lake ndi lomwelo. Chimene chimasintha ndi chakuti m'bandakucha zimaimba zambiri nthawi imodzi, ndipo iliyonse imaimba mosalekeza. Masana imaimba kamodzi, n'kupita kukadya, n'kudzaimbanso patapita nthawi. M'bandakucha ikamaliza nyimbo imangopuma pang'ono n'kuyambiranso.

Ndiye pali kasamu kochititsa chidwi. Mphamvu ya phokoso timaiyeza m'madesibelo. Mbalame ziwiri zoimba mofanana sizimveka kawiri kuposa imodzi ayi, zimangowonjezera madesibelo 3, ndipo khutu limangoti pasintha pang'ono. Kuti khutu lanu livomere kuti phokoso lawirikiza, pafunika madesibelo 10, kutanthauza mbalame khumi m'malo mwa imodzi. Choncho mukadzuka n'kunena kuti lero mbalame zasokosa, dziwani kuti kunjako oimba achuluka zedi.

MUULUTSI: Nanga za mpweya? Ine ndinamva kuti m'mawa mawu amapita kutali.

MPHUNZITSI: Amapitadi. Amene amakhala kutali ndi chigayo kapena mzikiti angachitire umboni: m'bandakucha amamva bwinobwino, masana osamva kanthu. Usiku nthaka imataya kutentha, ndipo mpweya wokhudzana nayo umazizira kuposa umene uli pamwamba pake. Mawu amathamanga kwambiri mu mpweya wofunda kusiyana ndi wozizira. Tsono mawu amene akanakwera m'mwamba n'kutayika amapindikira pansi, n'kubwerera kumene kuli makutu. Masana zimatembenuka. Nthaka yatentha, mpweya ukukwera mozungulirazungulira, mphepo ikugwedeza masamba, ndipo nyimbo imafika yodukaduka.

Mu 1979 akatswiri awiri, a Henwood ndi a Fabrick, anawerengetsera kuti nyimbo ya m'bandakucha ingathe kugwira ntchito mpaka maulendo 20 kuposa ya masana. Yankho limeneli linatchuka kwambiri, ndipo mpaka lero ndi limene anthu amathamangira. Ine silindikhutiritsa. Mpweya wabata womwewo ulipo 2 koloko usiku, ulipo 3 koloko, koma mbalame zambiri zili chete. Komanso ku Canada, a Brown ndi a Handford anayesa zenizeni mu 2003: anaulutsa nyimbo za mbalame pa sipika m'bandakucha ndi masana, n'kuzijambulanso patali. Anapeza kuti ya m'bandakucha sikuti imafika bwino kwambiri nthawi zonse, koma imafika mofanana, yosasinthasintha. Mpweya umathandiza, inde. Koma si umene umadzutsa mbalame.

MUULUTSI: Chimaidzutsa n'chiyani tsono, poti kuwala kulibe?

MPHUNZITSI: Tifunse tambala, poti ndiye amene anayesedwa bwino. Mu 2013, pa yunivesite ya Nagoya ku Japan, a Shimmura ndi a Yoshimura anatsekera atambala m'chipinda chimene magetsi ankawala kwambiri maola 12 n'kuwala pang'ono chabe maola 12. Atambala aja ankayamba kulira patatsala maola pafupifupi awiri kuti magetsi awale kwambiri. Kenaka anawaika m'kuwala kochepa kosasintha, usana ndi usiku chimodzimodzi, kopanda chowauza kuti kwacha. Anapitirizabe kulira pa nthawi yake, kamodzi pa maola pafupifupi 24. Ndiye kuti wotchi ili m'thupi momwemo. Usiku thupi la mbalame limatulutsa homoni yotchedwa melatonini, imene imachepa kukamacha, ndipo mbalame imadzuka kuwala kusanakwane. Kuwala kumangokonza wotchiyo tsiku lililonse kuti isataye nthawi.

Anthu omwewo anapezanso mu 2015 kuti atambala akakhala pagulu, woyamba kulira ndi wamkulu pa onse, amene amagonjetsa anzake. Enawo amadikira, n'kumatsatira malinga ndi mphamvu zawo. Mukamuchotsa wamkuluyo, wachiwiri uja ndi amene amayamba.

MUULUTSI: Oweta nkhuku akugwedeza mitu kunyumbako.

MPHUNZITSI: Amazidziwa kale, kungoti sanazilembe. Koma wotchiyo ikungotiuza mmene mbalame imadzukira. Funso lenileni ndi lakuti, itadzuka ndi njala ya usiku wonse, bwanji ikuyamba ndi nyimbo osati chakudya?

Taganizirani kambalame kodya tizilombo. Kadzuka, maso akuona pang'ono, moti kangathe kuona nthambi imene kakhalapo ndi chithunzithunzi cha kadzidzi akamabwera. Koma kuona mbozi yobiriwira pansi pa tsamba lobiriwira, kuwala kumeneko sikukwana. Tizilombo natonso tazizidwa, sitikuyenda, ndipo kachilombo kosayenda n'kovuta kukaona. Mbalame ikati isake nthawi imeneyo, itaya mphamvu zambiri kuposa zimene ipeze. A Kacelnik ndi a Krebs a ku Oxford anaonetsa zimenezi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, pa kambalame ka ku Ulaya kotchedwa Parus major, kakang'ono ngati mpheta: kuwala kukachepa, kamachedwa kupeza chakudya. Ndiye pa tsiku lonse, iyi ndi nthawi imene mbalame ili maso koma kuimba sikukuilanda chakudya. Ikaimba 9 koloko, nyimbo iliyonse ndi mbozi imene yaphonya.

MUULUTSI: Koma Aphunzitsi, kuimba kumafuna mphamvu. Munthu wogona ndi njala saimba.

MPHUNZITSI: Apo mwakhudza penipeni. Usiku wozizira kwambiri, kambalame kakang'ono kangathe kutaya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwake, pongofuna kuti thupi likhale lofunda. Madzulo sikadziwa kuti usikuwo uzizira bwanji, choncho kamadya ngati kuti ukhala woipitsitsa, n'kusunga mafuta m'thupi. Zili ngati mayi wotola nkhuni zambiri poopa kuti usiku uzizira, n'kupeza m'mawa kuti zatsalako. Mausiku ambiri sakhala oipitsitsa, ndiye mbalame imadzuka ili ndi mafuta otsala. Kuuluka nawo ndi katundu chabe, ndipo mbalame yolemera imachedwa kuthawa mdani. Mafuta otsalawo ndi amene amapita ku nyimbo.

Zimenezi zingathe kuyesedwa, ndipo zinayesedwa. Mu 1990 a Cuthill ndi a Macdonald anapatsa mbalame zina zakuda za ku England chakudya chowonjezera. M'mawa mwake zinayamba kuimba mofulumira ndipo zinaimba nthawi yaitali kuposa masiku onse. Kumbali inayi, usiku ukazizira kwambiri, mbalame zambiri zimafupikitsa nyimbo. Ndiye mbalame imene ikuimba nthawi yaitali m'mimba muli gwa ikunena zoona za thupi lake ndi za dera lake. Yofooka singanamizire.

[PHOKOSO LA MBALAME KWA KANTHAWI]

MUULUTSI: Ngati mwangotsegula kumene, tikukambirana chifukwa chake mbalame zimasokosa dzuwa lisanatuluke. Aphunzitsi, mwatiuza kuti nthawi imeneyi kuimba n'kotchipa. Koma chinthu kutchipa si chifukwa chochigulira. Ikanangokhala chete n'kusunga mphamvuzo.

MPHUNZITSI: Kukhala chete nthawi imeneyo ndiye kodula. Ndipo kwa ine gwero la nkhani yonse lili pamenepa.

Mbalame zambiri zimakhala ndi dera lake, mmene muli chisa ndi chakudya. Mpanda palibe, mpanda wake ndi nyimbo. A Krebs omwe aja anachotsa mbalame zazimuna m'madera awo m'nkhalango ya Wytham pafupi ndi Oxford, m'zaka za m'ma 1970. M'madera ena anaikamo masipika oimba nyimbo ya mbalameyo, ena anawasiya chete. Madera a chete analowedwa msanga ndi mbalame zina. Amasipika aja anakhala nthawi yaitali opanda wolowamo. Mwini wake kunalibe, koma mawu okha anasunga malo.

Tsono usiku ndi nthawi imene mbalame zimafa: kadzidzi, njoka, mphaka, kuzizira. Kukamacha, malo ena asanduka amasiye, ndipo kunja kuli zazimuna zopanda dera zimene zikufuna malo. Ku France, pafupi ndi mzinda wa Basel, a Amrhein ndi anzawo anamangirira tiwailesi ting'onoting'ono pa mbalame zazimuna zopanda dera, n'kumazitsatira. Lipoti lawo la 2004 linati masana mbalamezo sizinkayenda kwambiri, koma m'bandakucha ndi pamene zinkazungulira m'madera a anzawo. Zimayenda zikumvetsera. Pamene pali nyimbo, mwini alipo. Pamene pali zii, mwina wafa. Ndiye mbalame imene yagonereza m'mawa umodzi ingapeze mlendo pakhomo, n'kuyamba ndewu imene nyimbo ikanaipewa. Ndipo mmodzi akayamba, woyandikana naye sangakhale chete, ayankha, winanso ayankha, mpaka mudzi wonse.

MUULUTSI: Ine ndimayesa zimaimbira zazikazi.

MPHUNZITSI: Nazonso zikumvetsera. A Ruth Mace anafalitsa mu 1987 zimene anaona pa kambalame ka Parus major kaja. Yaikazi imagona m'phanga la mtengo ndipo imaikira dzira m'mamawa. Yaimuna imaimba pafupi ndi phangalo kuyambira kukadali mdima, ndipo yaikazi ikangotuluka, nyimbo imatha, n'kukwerana. Nyimboyo inkatalika kwambiri masiku amene yaikazi ili pafupi kuikira kapena ikuikira. Ndi chifukwa chake phokosoli lili ndi nyengo yake. Nthawi yoswana, homoni ya testositeroni imakwera ndipo mbalame zimaimba kwambiri. Kuno kwathu mbalame zambiri za m'nkhalango za miombo zimaswa kuyambira Seputembala mpaka Novembala, mvula isanakhazikike, pomwe zodya njere za udzu zimadikira dzinja. Amene akufuna kumva phokoso lenileni adzuke mu Okutobala kapena Novembala. Mu Juni ndi Julayi limachepa.

Koma ndichenjeze. Zambiri zimene ndatchulazi zinapezeka ku Ulaya, kumene nthawi zambiri yaimuna ndiyo imaimba. Kuno kotentha zazikazi zambiri zimaimba nazo. Mukamva mwiyo m'tchire, mumayesa ndi mbalame imodzi, koma kawirikawiri ndi ziwiri: ina iyamba, ina ilandira mwamsanga moti mpata sumveka. Banja lotero limasunga dera lake chaka chonse, ndipo limaimba chaka chonse. Ndiye kwa mbalame zathu zambiri, ine ndimaika za dera patsogolo, za chibwenzi pambuyo.

MUULUTSI: Chinanso chimene ndimaona n'chakuti siziyambira limodzi.

MPHUNZITSI: Siziyambira limodzi, ndipo ndondomeko yake imabwerezeka tsiku ndi tsiku. Mu 2002 a Robert Thomas ndi anzawo anayeza maso a mbalame za mitundu yambiri, n'kupeza kuti za maso aakulu zimayamba kuimba kukadali mdima kwambiri kuposa za maso aang'ono. Diso lalikulu limalandira kuwala kochuluka. Kuimba n'kudziulula kumene uli, choncho mbalame siyamba isanathe kuona mdani. Ku Ecuador akatswiri ena anapezanso kuti za pamwamba pa mitengo zimayamba msanga kuposa za pansi, poti kuwala kumayamba kufika kumwambako.

Tiyeni tichite ngati tayesa tokha. Ku Lilongwe pakati pa Novembala dzuwa limatuluka cha m'ma 5:05. Tulukani panja 4 koloko ndi kope, cholembera ndi wotchi. Atambala mudzawapeza atayamba kale, amenewo asiyeni. Khalani pamalo amodzi, ndipo mtundu uliwonse mukaumva koyamba, lembani nthawi. Mwa zoyambirira yembekezerani nthengu, yakuda bii ya mchira wa mphanda ija. Ngati pafupi pali zitsamba zowirira kapena mtsinje, mumvanso mbalame ya chifuwa chofiirira ndi mzere woyera pamwamba pa diso, imene akatswiri amaitcha Cossypha heuglini. Nyimbo yake simungaisokoneze: imayamba motsitsa, n'kumabwereza mawu omwewo mokwezakweza ndi mofulumira mpaka kutha mwadzidzidzi. Kum'mawa kukayamba kuyera abwera pumbwa ndi njiwa, ndipo timbalame todya njere monga mpheta timakonda kuchedwa.

Polemba, musasunge nthawi ya pa wotchi yokha. Werengani mphindi zimene zatsala kuti dzuwa lituluke. Tinene kuti nthengu mwaimva 4:20 ndipo dzuwa latuluka 5:05. Lembani 45. Mu Julayi dzuwa limatuluka cha m'ma 6:10. Mukadzaimva 5:40, musanene kuti yachedwa ndi ola limodzi ndi mphindi 20. Lembani 30, ndipo kusiyana kwenikweni ndi mphindi 15 zokha. Popanda kuchita zimenezi, mukuyeza dzuwa osati mbalame.

Ndipo musachedwe, chifukwa kuno pafupi ndi pakati pa dziko kumacha mofulumira. Kuchokera pamene mungathe kuwerenga kope lanu popanda tochi kufika pamene dzuwa latuluka, ndi mphindi zongopitirira 20. Nthawi imeneyo ikakwana, muyang'ane mbalame imodzi imene inali kuimba. Mudzaiona ikusiya nthambi n'kutsikira pansi kapena kulowa m'masamba kukasaka. Phokoso limatha osati chifukwa zatopa, koma chifukwa chakudya chayamba kuoneka.

MUULUTSI: Nanga chingasokoneze zolemba zathu n'chiyani?

MPHUNZITSI: Choyamba ndi nthengu yomweyo. Ndi katswiri wotsanzira mbalame zina, moti mungalembe mitundu itatu pamene woimba ndi mmodzi. Mukamva mawu osiyanasiyana akuchokera pa nthambi imodzi, dikirani kuyere muone mwini wake. Mitambo nayo imachedwetsa zonse ndi mphindi zingapo, ndipo m'mawa wa mvula kapena wa mphepo musauwerengere n'komwe. Bwerezani masiku angapo, chifukwa tsiku loyamba khutu limangogwira mbalame yapafupi.

Kenaka pali mwezi. M'chipululu cha Kalahari ku South Africa, a Jenny York ndi anzawo anatsatira mbalame zina za mtundu wa mpheta, za nsidze zoyera, zimene zimamanga zisa zambiri zaudzu mumtengo umodzi. Zimapezekanso kuno kwathu m'madera otentha a m'chigwa cha Shire. Yaimuna yolamulira gulu imaimba yokha m'bandakucha nyengo yoswana. Mu 2014 anafalitsa kuti mwezi ukakhala wathunthu ndipo ukadali kumwamba m'bandakucha, inkayamba msanga, koma inkamaliza pa nthawi yake ya masiku onse. Ndiye nyimbo inkatalika. Mwezi ukakhala utalowa kale, kusinthako kunalibe. Zikusonyeza kuti ndi kuwala kwenikweniko kumene kukukankha nthawi yoyambira. Choncho pa kope lanu lembaninso za mwezi.

MUULUTSI: Ngati mwezi ungachite zimenezo, nanga babu la pakhonde limene timasiya usiku wonse poopa akuba?

MPHUNZITSI: Limachita zoposa mwezi, chifukwa silichepa ndipo sililowa. Pafupi ndi Vienna ku Austria, a Kempenaers ndi anzawo anayerekeza mbalame zokhala pafupi ndi magetsi a mumsewu ndi za mkati mwa nkhalango. Lipoti lawo la 2010 linati mwa mitundu isanu imene anaitsatira, inayi inkayamba kuimba msanga pafupi ndi magetsi. Mu mtundu wina, zazikazi za pafupi ndi magetsi zinkayamba kuikira mazira tsiku limodzi ndi theka msanga, ndipo zazimuna zake zinkabereka ana ambiri m'zisa za eni ake. Taonani vuto lake. Kale kulawirira kunali chizindikiro cha thanzi. Pansi pa babu, ngakhale mbalame wamba imalawirira, ndipo yaikazi imene ikumvetsera ingapusitsidwe.

Phokoso la anthu nalo limasuntha nthawi. Ku Sheffield ku England, kafukufuku wa 2007 anapeza kuti mbalame zina za m'tauni zimaimba usiku makamaka m'malo amene masana mumakhala phokoso lalikulu la magalimoto. Ndiye mukamva mbalame ikuimba 2 koloko usiku ku Ndirande kapena ku Kawale, musathamangire kunena kuti ndi malodza. Yang'anani kaye ngati pali getsi pafupi ndi mtengo umene yakhalapo.

MUULUTSI: Koma babulo kulizimitsa ndiye ayi, Aphunzitsi. Akuba sagona.

MPHUNZITSI: Sindikunena kuti muzimitse, mayi. Liikireni chotchinga pamwamba kuti kuwala kugwe pabwalo ndi pakhomo, kusapite m'mitengo. Mukatero wakuba mumuonabe. Ndipo ngati muli ndi kope lija, lembani mphindi za mbalame ya mumtengo wapafupi sabata imodzi musanatchinge, ndi sabata ina mutatchinga, mwezi uli wofanana ngati n'kotheka, kenaka muyerekeze.

MUULUTSI: Ana asukulu amene mukumvetsera, ntchito mwaipeza, ndipo siifuna ndalama, kungodzuka basi. Zimene mupeze mutilembere kuno ku pulogalamu, mutchule dera lanu ndi tsiku lake.



Nthawi yatithera. Tikumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomweyi. Tsalani bwino.

[NYIMBO YOTSEKERA]